Mmene mungawerengere zotsatira za kuyezetsa chimbudzi, mzere ndi mzere

Munthu akayezetsa chimbudzi kuchipatala, zotsatira zimabwera pa kapepala kochokera ku labotale kapena zimalembedwa m'kabuku kake ka kuchipatala. Nthawi zambiri zimakhala mizere yosapitirira khumi, ya m'Chingerezi, yodzaza ndi mawu achidule ndi zizindikiro za mtanda. Anthu ambiri amangoyang'ana ngati pali mawu osonyeza kuti chinachake chapezeka, kenaka amapita kukagula mankhwala a njoka zam'mimba. Koma mzere uliwonse uli ndi funso lake lomwe ukuyankha, ndipo mankhwala opha mtundu wina wa njoka sapha mtundu wina.

Nkhaniyi ikufotokoza mizereyo potengera zomwe zimavuta anthu a m'dera la Mfumu Yaikulu Kanyenda ku Nkhotakota, komwe anthu ambiri amakhalira kulowa m'madzi tsiku ndi tsiku: kusodza ndi kusamba m'nyanja, kuchapa mu mtsinje wa Dwangwa, kulima mpunga m'madambo ndi kugwira ntchito m'minda yothirira.

Chitsanzo cha zotsatira

Tiyerekeze kuti mnyamata wa zaka 14, wolemera makilogalamu 45, yemwe amathandiza kukoka makoka kunyanja, wakhala akumva m'mimba kupweteka kwa miyezi iwiri. Amatsegula m'mimba mwa apo ndi apo ndipo akutopa msanga. Pepala lake labwera chotere:

```
Colour:        brown
Consistency:   loose
Mucus:         +
Blood:         not seen
Pus cells:     few
RBC:           +
Ova:           S. mansoni ++, hookworm +
Cysts:         E. coli +
Trophozoites:  not seen
FOB:           positive
```

Mizere inayi yoyamba ndi zomwe woyeza waona ndi maso ake. Mizere isanu yotsatira ndi zomwe waona ataika kachidutswa ka chimbudzi pa kagalasi n'kuunika ndi maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Mzere womaliza ndi kuyeza kwapadera kofufuza magazi obisika. Mawu akuti `not seen` kapena `nil` akutanthauza kuti sizinaoneke. Mtanda umodzi ukutanthauza zochepa, iwiri zochulukirapo, itatu zambiri.

Zooneka ndi maso

Mzere wa `Colour` ndi mtundu wa chimbudzi. Chofiirira ngati dothi, chomwe chalembedwa pa chitsanzochi, ndiye mtundu wa masiku onse. Chobiriwira nthawi zambiri chimabwera munthu akadya ndiwo zamasamba zambiri kapena chakudya chikadutsa msanga m'matumbo. Mitundu yofunika kuiganizira ndi iwiri. Chimbudzi chakuda bii ngati phula, chomata ndi chonunkha kwambiri, chimasonyeza kuti magazi akutuluka kumtunda, kummero kapena m'chifu, ndipo adagayika asanatuluke. Komabe mapiritsi owonjezera magazi omwe amayi oyembekezera amalandira kusikelo nawonso amadetsa chimbudzi, n'chifukwa chake dokotala amafunsa mankhwala omwe mukumwa. Chimbudzi chotuwa ngati phulusa, makamaka maso akasanduka achikasu, chimasonyeza kuti ndulu sikufika m'matumbo.

Mzere wa `Consistency` ndi kulimba kwake. Umathandiza woyeza kudziwa choti afufuze, chifukwa tizilombo tina timapezeka tamoyo m'chimbudzi chamadzi chokha. Chimbudzi chamadzi okhaokha onga osukira mpunga ndi chizindikiro cha kolera, matenda omwe adavuta kwambiri m'maboma a m'mbali mwa nyanja m'chaka cha 2022 ndi 2023. Munthu wotere sadikira zotsatira za labotale. Ayenera kuyamba kumwa thanzi nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala.

Mizere ya `Mucus` ndi `Blood` ikunena za zonanda ngati mamina ndi magazi ooneka. Zonanda zimatuluka matumbo aakulu akakwiyitsidwa ndi chinachake. Zikabwera pamodzi ndi magazi, ndiye kamwazi. Pa pepala la mnyamata wathu pali zonanda pang'ono koma magazi ooneka palibe. Izi sizikutanthauza kuti magazi mulibe, monga tionere kutsogoloku.

Mafinya ndi magazi a pa kagalasi

Mawu akuti `Pus cells` ndi maselo oyera a m'magazi, asilikali a m'thupi, omwe akachuluka timawatcha mafinya. Ochepa, monga pa chitsanzochi, sadetsa nkhawa. Akachuluka kwambiri pamodzi ndi magazi, munthu akutentha thupi ndipo akupita kuchimbudzi kawirikawiri n'kumangotulutsa pang'onopang'ono, dokotala amaganizira kamwazi woyamba ndi mabakiteriya. Maikulosikopu sangatchule dzina la bakiteriyayo. Pamafunika kuyeza kwina komeretsa tizilomboto mu labotale kwa masiku awiri kapena atatu, komwe sikuchitika m'zipatala zing'onozing'ono.

Zilembo za `RBC` ndi maselo ofiira a magazi. M'chimbudzi cha munthu wabwinobwino sayenera kuonekamo. Mtanda umodzi pa mzerewu ukutiuza kuti penapake m'matumbo aakulu a mnyamatayu pakutuluka timagazi tochepa kwambiri moti maso sangatione. Mzere wotsatira ndi womwe ukufotokoza chifukwa chake.

Mazira: mzere wofunika kwambiri kwa anthu a kunyanja

Mawu akuti `Ova` akutanthauza mazira. Woyeza saona njoka zenizenizo, amaona mazira ake, ndipo mtundu uliwonse uli ndi maonekedwe ake.

Dzina loyamba pa pepala lathu, `S. mansoni`, ndi likodzo la m'matumbo. Anthu ambiri a ku Nkhotakota amadziwa likodzo la kukodza magazi, lomwe limalembedwa kuti `S. haematobium` ndipo mazira ake amafufuzidwa mu mkodzo. Koma pali mtundu wachiwiri womwe tinyongolotsi take timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira matumbo. Timaikira mazira okhala ndi kaminga chakumbali. Mazirawo amaboola khoma la matumbo kuti atuluke ndi chimbudzi, ndipo pobowolapo amasiya timabala totuluka magazi. Ena satuluka n'komwe, amatengedwa ndi magazi n'kukakanirira m'chiwindi. Zaka zikamapita chiwindi chimachita zipsera, kapamba amatupa, mimba imadzaza madzi, ndipo mitsempha ya kummero imatupa mpaka tsiku lina munthu amasanza magazi. N'chifukwa chake mzerewu sitiunyalanyaza ngakhale munthu akumva bwino.

Likodzo la mitundu yonse iwiri sililowera pakamwa. Munthu wodwala akachita chimbudzi kapena kukodza m'madzi, mazira amaswa n'kulowa mu nkhono. Patapita milungu ingapo, mu nkhonomo mumatuluka tizilombo tosambira tomwe timaboola khungu la aliyense woima m'madziwo. Kwa nthawi yaitali anthu ankati m'nyanja ya Malawi muli likodzo la mkodzo lokha. Koma m'chaka cha 2017 akatswiri adapeza nkhono zofalitsa likodzo la m'matumbo m'mphepete mwa nyanja ku Mangochi, ndipo m'zaka zotsatira adapeza ana asukulu ambiri ali ndi matendawa. Choncho munthu wa kunyanja yemwe mkodzo wake ndi woyera asadzitenge ngati alibe likodzo.

Dzina lachiwiri, `hookworm`, ndi tinjoka toyamwa magazi. Ndi tating'ono, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo timaluma khoma la matumbo aang'ono n'kumayamwa magazi usana ndi usiku. Ana ake amaswa m'dothi lachinyezi, makamaka lamchenga, pomwe anthu amadzithandizira patchire, ndipo amalowera m'mapazi a munthu woyenda opanda nsapato. Tikachuluka, munthu amachepa magazi mwapang'onopang'ono osadziwa komwe akupita.

Mayina ena omwe mungawaone pa mzerewu ndi atatu. `Ascaris` ndi njoka zazikulu zonga nyongolotsi zomwe nthawi zina ana amazitulutsa kapena kuzisanza, ndipo mazira ake amalowa ndi chakudya kapena manja osasamba. `Taenia` ndi njoka yaitali yaphanthiphanthi yochokera ku nyama ya nkhumba kapena ng'ombe yosapsa bwino. `Strongyloides` imalembedwa ndi mawu akuti `larvae` chifukwa imaoneka ngati tiana, osati mazira, ndipo imafuna mankhwala akeake, makamaka kwa munthu yemwe chitetezo cha m'thupi chake ndi chofooka.

Nambala ya mazira ikalembedwa

M'zipatala zambiri woyeza amangolemba mitanda. Koma pa kafukufuku wa m'masukulu amagwiritsa ntchito njira yotchedwa Kato-Katz, yomwe imawerenga mazira enieni. Amatenga chimbudzi cholemera mamiligalamu 41.7, amawerenga mazira onse, kenaka amachulukitsa ndi 24 kuti apeze mazira a mu galamu imodzi. Nambalayo imalembedwa ndi zilembo za `EPG`.

Tinene kuti pa kagalasi ka mnyamata wathu apeza mazira 7 a likodzo. Tikachulukitsa 7 ndi 24 tipeza 168. Malinga ndi malire a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, likodzo la m'matumbo ndi lochepa ngati mazira ali pakati pa 1 ndi 99, lapakatikati kuyambira 100 mpaka 399, ndipo ndi lalikulu kuyambira 400. Mnyamatayu ali pakatikati. Malire amenewa ndi osiyana pa mtundu uliwonse. Kwa tinjoka toyamwa magazi, mazira osafika 2,000 amawerengedwabe kuti ndi ochepa. Choncho nambala yaikulu pa dzina lina ikhoza kukhala yopepuka kusiyana ndi nambala yaing'ono pa dzina lina.

Tizilombo ta selo imodzi

Mizere ya `Cysts` ndi `Trophozoites` ikunena za tizilombo tating'ono kwambiri tomwe si njoka. Timakhala m'maonekedwe awiri. Mzere woyambawo ndi pamene tadzikuta ndi chikhokho kuti tipirire kunja kwa thupi, ndipo wachiwiriwo ndi pamene tili tamoyo, tikuyenda ndi kudya.

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonekera. Pa pepala lathu pali `E. coli` pa mzere wa tachikhokho. Ameneyu ndi amiba wotchedwa `Entamoeba coli`, yemwe amakhala m'matumbo popanda kudwalitsa munthu ndipo safuna mankhwala. Si bakiteriya uja wa dzina lofanana yemwe amatchulidwa pa nkhani za madzi oipa. Komabe kupezeka kwake kukunena kanthu: mnyamatayu adamwa madzi kapena kudya chakudya chomwe chidakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Ndi chenjezo la chitsime chosatetezedwa kapena madzi a kunyanja osathira mankhwala.

Dzina lofunika kuliganizira ndi `E. histolytica`, amiba woyambitsa kamwazi yemwe nthawi zina amapanga chithupsa m'chiwindi. Vuto lake n'lakuti ali ndi mnzake wosadwalitsa, `E. dispar`, ndipo pa maikulosikopu tachikhokho tawo timafanana ndendende. N'chifukwa chake labotale yosamala imalemba mayina onse awiri pamodzi. Umboni wamphamvu ndi pamene woyeza waona tamoyo titameza maselo ofiira a magazi, mwa munthu yemwe akutseguladi zamagazi. Dzina lina ndi `Giardia`, yemwe amayambitsa kutsegula m'mimba konunkha, kodzaza mpweya ndi kopanda magazi, makamaka kwa ana.

Magazi obisika

Zilembo za `FOB` kapena `FOBT` ndi kuyeza magazi omwe maso sangawaone. Mawu akuti `positive` akutanthauza kuti apezeka, `negative` kuti sanapezeke. Kuyezaku kumangonena kuti magazi alipo. Sikunena komwe achokera kapena chomwe chikuwatulutsa.

Njira zoyezera zilipo ziwiri. Yakale imagwiritsa ntchito kapepala komwe kamasanduka kabuluu kakakumana ndi magazi. Imeneyi siisiyanitsa magazi a munthu ndi a nyama, choncho munthu amene wadya nyama yofiira, chiwindi kapena uwende m'masiku atatu apitawo akhoza kupezeka ndi magazi pomwe alibe. Mapiritsi ambiri a vitamini C amachita zosiyana, amatha kubisa magazi omwe alipodi. Njira yatsopano, yolembedwa kuti `FIT`, imazindikira magazi a munthu okha ndipo chakudya sichiisokoneza, koma imagwira bwino magazi a m'matumbo aakulu kusiyana ndi a m'chifu. Pa njira zonse ziwiri, mayi asapereke chimbudzi ali kumwezi, ndipo munthu wa nthenda ya mudzi yomwe ikutuluka magazi anene asanayezedwe. Mankhwala ochepetsa ululu monga asipulini ndi bulufeni amatha kunyula chifu n'kutulutsa magazi enieni, ndipo dokotala ayenera kudziwa ngati mumawamwa kawirikawiri.

Kwa mnyamata wathu, magazi obisika ali ndi zifukwa ziwiri zomwe zalembedwa pa pepala lomwelo: likodzo ndi tinjoka toyamwa magazi. Koma pepala lomweli likadakhala la bambo wa zaka 55, nkhani ikadasintha. Munthu wamkulu akhoza kukhala ndi njoka zam'mimba komanso chilonda cha m'chifu kapena khansa ya m'matumbo nthawi imodzi, ndipo mazira opezekawo akhoza kuphimba vuto lalikulu. Ngati munthu wapitirira zaka 45 kapena 50, akuwonda popanda chifukwa, kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha kwa milungu ingapo, kapena magazi obisika akupezekabe atamwa mankhwala a njoka, ayenera kupempha kuti amutumize kokaunika mkati mwa matumbo ndi kachipangizo ka kamera. Izi zimachitika m'zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe, podzera kuchipatala cha boma ku Nkhotakota.

Zomwe dokotala angachite ndi pepala limeneli

Tikaphatikiza mizere yonse, mnyamatayu ali ndi matenda awiri ofunika mankhwala ndi kachilombo kamodzi kosafuna mankhwala. Likodzo limachizidwa ndi prazikwantelo, mapiritsi aakulu owawa aja omwe ana amalandira kusukulu. Muyezo wake ndi mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Kwa makilogalamu 45 ndi mamiligalamu 1,800, ndipo popeza piritsi limodzi ndi la mamiligalamu 600, amwa mapiritsi atatu nthawi imodzi. Ayenera kudya kaye nsima kapena phala, chifukwa kumwa ndi njala kumawonjezera chizungulire, nseru ndi kupotokola m'mimba. Tinjoka toyamwa magazi timafuna alubendazo, piritsi limodzi la mamiligalamu 400. Alubendazo sapha likodzo, ndipo prazikwantelo sapha tinjoka toyamwa magazi. Akadangogula alubendazo yekha pagolosale, vuto lalikulu likadatsala.

Chifukwa akutopa msanga, dokotala adzayezanso kuchuluka kwa magazi, komwe kumalembedwa kuti `Hb`. Kwa mwana wa msinkhu wake, nambala yochepera 12 ikusonyeza kuchepa magazi. Ikapezeka 9.8, mwachitsanzo, adzapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi a miyezi itatu, chifukwa kupha njoka kumangotseka pomwe magazi amatayikira koma sikubwezeretsa otayikawo. Adzamugwiranso pamimba kuona ngati chiwindi kapena kapamba watupa, ndipo n'koyenera kuyezanso mkodzo chifukwa mitundu iwiri ya likodzo imapezeka mwa munthu mmodzi. Mayi woyembekezera anene za mimba yake asanalandire mankhwala, chifukwa alubendazo saperekedwa m'miyezi itatu yoyambirira.

Prazikwantelo amapha tinyongolotsi takulutakulu koma sagwira bwino tomwe tangolowa kumene m'thupi, ndipo sateteza munthu kuti asatengenso. Mnyamata wobwerera kumakoka mawa lake akhoza kutenganso. Ngati zizindikiro zikupitirira patatha mwezi umodzi kapena iwiri, ayezetsenso. N'chifukwa chakenso mankhwalawa amagawidwa mobwerezabwereza m'masukulu a m'mbali mwa nyanja.

Pepala likati palibe chomwe chaoneka

Zotsatira zambiri zimangolembedwa kuti `No ova or cysts seen` kapena mwachidule `NAD`. Mawuwa akunena kuti pa kachidutswa komwe kayezedwa sipanaoneke kanthu. Sakunena kuti m'thupi mulibe kanthu. Kachidutswako ndi kochepa ngati mutu wa machesi, ndipo njoka siziikira mazira mofanana tsiku lililonse. Munthu wa likodzo lochepa akhoza kupezeka alibe lero, mawa n'kupezeka nalo. Amene wangolowa kumene m'madzi oipa sapezeka ndi mazira mpaka patapita milungu pafupifupi 6. Nayenso amene wadwala kwa zaka zambiri, chiwindi chitawonongeka kale, nthawi zina satulutsanso mazira ambiri. Pa zifukwa izi, zizindikiro zikapitirira dokotala amapempha chimbudzi katatu pa masiku osiyana, kapena amapereka mankhwala potengera mbiri ya munthuyo ndi komwe amakhala.

Kaperekedwe ka chimbudzi nako kamasintha zotsatira. Amiba wamoyo amafa msanga, choncho chimbudzi chamadzi chiyenera kuunikidwa pasanathe mphindi 30. Mazira a tinjoka toyamwa magazi amaswa chimbudzi chikakhalitsa pamalo otentha. Munthu wochokera kugombe lakutali amene wachitira kunyumba m'mamawa n'kufika kuchipatala masana akhoza kulandira pepala loyera pomwe akudwala. Ndi bwino kulandira kabotolo ku labotale n'kuchitira kuchipatala komweko. Chitirani pa pepala kapena pa pulasitiki yoyera, osati pa dothi, ndipo musasakanize ndi mkodzo kapena madzi. Tengani chochuluka ngati nsonga ya chala chachikulu, ndipo ngati pali mbali ya magazi kapena zonanda, tengani pamenepo.

Nthawi yosadikira pepala

Pali zizindikiro zomwe sizifuna kudikira zotsatira kapena tsiku lobwereranso. Kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula pamodzi ndi chizungulire, kutsegula zamagazi thupi likutentha, mimba yotupa yodzaza madzi, zikhatho ndi m'zikope moyera kwambiri pamodzi ndi befu, komanso mwana wotsegula m'mimba amene akukana kuyamwa kapena maso alowa mkati, zonsezi ndi za kuchipatala tsiku lomwelo. Popita tengani kabuku kanu ka kuchipatala, chifukwa zotsatira zakale za chimbudzi ndi tsiku lomwe mudamwa prazikwantelo komaliza zimathandiza dokotala kudziwa poyambira.